Mayankho a Mayeso a Bayoloje, Folomu 2: Malungo ndi Magazi (Malikisi 10)

Kwa ochonga: yang'anani ganizo la mwana. Kulakwitsa kalembedwe ka dzina sikulanda malikisi, bola dzinalo likuwerengeka. Chizindikiro cha / chikulekanitsa mayankho ololedwa.

1. Tchulani kachilombo koyambitsa malungo. (1)
Yankho: Plasmodium. Lolani: Plasmodium falciparum / P. vivax.
Kanani: udzudzu. Udzudzu umangonyamula, ndipo ana ambiri amagwa pomwepa.

2. Malungo amafala bwanji? (3)
Yankho lachitsanzo: Udzudzu waukazi wa Anopheles umayamwa magazi a munthu wodwala (1), kachilomboko kamakula mwa udzudzuwo (1), ndipo ukaluma munthu wina kamalowa m'magazi kudzera m'malovu (1).
Lolani "mate" m'malo mwa "malovu". Wolemba "udzudzu" chabe osatchula waukazi asapeze malikisi oyambawo, koma enawo mupatseni. Zoti malungo amabwera ndi mvula kapena nzimbe zosakhwima, 0.

3. Kachilomboka kamayamba kuchulukana m'chiwalo chiti? (1)
Yankho: chiwindi. Kanani: kapamba.

4. N'chifukwa chiyani wodwala malungo amachepa magazi? (2)
Yankho: Tizilombo timachulukana m'maselo ofiira a magazi (1), maselowo n'kuphulika (1). Lolani: kusweka / kuwonongeka.
Kanani: "udzudzu wamwa magazi onse."

5. Tchulani njira zitatu zopewera malungo. (3)
Zitatu zilizonse: kugona m'masikito onyikidwa m'mankhwala / kukwirira zithaphwi / kupopera mankhwala m'nyumba / katemera wa ana / mankhwala a SP kwa amayi apakati.
Kanani LA, ndi wochiza. Akalemba zoposa zitatu, chongani zitatu zoyambirira zokha.