Chifukwa chake elekitironi yotsekeredwa m'chitsime cha makoma osatha singakhale ndi mphamvu ina iliyonse

Ophunzira a chaka choyamba, ambiri a inu mwaloweza kale fomula ya milingo ya mphamvu, koma kuloweza sikukwanira ngati simungathe kuloza mzere weniweni wa masamu pamene nambala n ikutulukira. Werengani tsambali muli ndi cholembera m'manja phunziro la Lachinayi lisanafike.

Chitsime chimene tikunena ndi danga la mzere umodzi loyambira pa x = 0 kulekezera pa x = L. M'kati mwake palibe chokankha kapena chokoka elekitironi, choncho V = 0, pamene kunja kwake V ndi yopanda malire, kutanthauza kuti ngakhale elekitironi itakhala ndi mphamvu yochuluka motani singadutse makomawo. Fizikisi ya Newton imalola kanthu kotsekeredwa chotere kuyenda pa liwiro lililonse, ngakhalenso kungokhala phee, ndipo mphamvu yake ingathe kukhala nambala iliyonse kuyambira pa ziro kupita m'mwamba. Zinthu zimasintha tikavomereza zimene Louis de Broglie ananena mu 1924, kuti kanthu kalikonse kamene kali ndi momentamu p kamayenderana ndi funde lotalika λ = h/p. Mu 1926 Erwin Schrödinger analemba ikweshoni imene fundeli limatsata, ndipo m'chaka chomwecho Max Born anafotokoza kuti |ψ|² imatiuza mwayi wopeza kanthuko pa malo ena ake.

M'kati mwa chitsime ikweshoniyo imaoneka motere:

−(ħ²/2m) d²ψ/dx² = Eψ

Tikalemba k² = 2mE/ħ², yankho lake lonse ndi ψ(x) = A sin(kx) + B cos(kx). Pamenepa ndikufuna muime kaye, chifukwa mfundo imene ambiri amaidumpha ili pomwepa: yankholi likugwira ntchito pa mtengo uliwonse wa E woposa ziro. Ikani E iliyonse imene mukufuna, mupeza k yake, ndipo ikweshoni siikana. N'chifukwa chake elekitironi yoyenda momasuka, yopanda makoma, ingathe kukhala ndi mphamvu iliyonse. Choncho si ikweshoni ya Schrödinger payokha imene imasankha milingo. Amene amasankha ndi makoma.

Popeza elekitironi singapezeke kunja, ψ ndi ziro konsekonse kunja kwa chitsime. Funde la ψ siliduka mwadzidzidzi kuchoka pa mtengo wina kulumphira pa wina, pakuti kulumpha kotero kukanafuna mphamvu yopanda malire, ndiye liyenera kufika pa ziro penipeni pa khoma lililonse: ψ(0) = 0 ndiponso ψ(L) = 0. Khoma loyamba limachotsa kosaini, chifukwa pa x = 0 saini ndi ziro koma kosaini ndi 1, motero B = 0 ndipo titsala ndi ψ = A sin(kx). Onani kuti mpaka pano k ikadali yomasuka. Kukanakhala khoma limodzi lokha, mphamvu iliyonse ikanaloledwabe.

Khoma lachiwiri ndi limene limamanga zonse. Tikufuna kuti A sin(kL) = 0. Kutenga A = 0 n'kosathandiza, chifukwa pamenepo ψ ikhala ziro paliponse, ndipo tikhala tikunena kuti m'chitsimemo mulibe elekitironi, chonsecho tinayamba ndi kunena kuti ilimo. Chotsala n'chakuti sin(kL) = 0, ndipo saini imakhala ziro pokhapokha ngodya ikakhala 0, π, 2π, 3π ndi kupitirira choncho. Motero kL = nπ, pamene n ndi nambala yathunthu. Palibe amene anaika n m'masamuwa ndi dzanja. Yabadwa chifukwa saini imabwerera pa ziro pa malo otalikirana mofanana, osati pena paliponse.

Amene munagwirapo gitala mukudziwa kale chinthu chofanana ndi chimenechi. Nsambo yomangidwa mbali zonse ziwiri singagwedezeke kumapeto kwake, choncho mafunde amene angakhazikike pa iyo ndi okhawo amene theka la kutalika kwawo limalowa mu utali wa nsamboyo kamodzi, kawiri, katatu, popanda chotsalira. Chimodzimodzi m'chitsime, L = nλ/2. Chachilendo mu kwantamu n'chakuti kutalika kwa funde kumangirizidwa ku momentamu, ndipo momentamu imangirizidwa ku mphamvu, kotero kuti mukaletsa mafunde ena mwaletsanso mphamvu zina. Tikabwezera k = nπ/L mu E = ħ²k²/2m timapeza

Eₙ = n²π²ħ²/(2mL²) = n²h²/(8mL²), n = 1, 2, 3, …

Mungafunse chifukwa chake sitiyambira pa n = 0. Tikatero, sin(0) apangitsa ψ kukhala ziro paliponse, vuto lomwe lija la chitsime chopanda kanthu. Manambala ochepera ziro nawonso sabweretsa chatsopano, popeza sin(−kx) = −sin(kx), ndipo chizindikirocho chimatha tikawerengera |ψ|². Mphamvu yochepera ziro imakanikanso, chifukwa pamenepo yankho lokwaniritsa khoma loyamba limakhala sinh, imene imadutsa pa ziro kamodzi kokha ndipo sibwereranso kuti ikakwaniritse khoma lachiwiri. Zotsatira zake n'zakuti mphamvu yotsikitsitsa, E₁, si ziro: elekitironi yotsekeredwa singakhale phee. Izi zikugwirizana ndi mfundo ya Heisenberg ya mu 1927, yakuti kanthu kakapanikizidwa m'danga laling'ono momentamu yake singadziwike kuti ndi ziro ndendende. Ponena za A, mumaipeza pofuna kuti mwayi wonse ukwane 1, ndipo imatuluka √(2/L). Ilibe gawo pa kusankha milingo.

Tiikemo manambala kuti muone kukula kwake. Elekitironi ikakhala m'chitsime cha nanomita imodzi, E₁ ndi pafupifupi 0.376 eV, E₂ ndi 1.50 eV, ndipo E₃ ndi 3.38 eV, pakuti milingoyi imakula ngati 1, 4, 9, ndipo mipata yake imanka nikulirakulira. Elekitironiyo singapezeke ndi 1 eV ikayezedwa, ndipo ikatsika kuchoka pa mulingo wachiwiri kupita pa woyamba imatulutsa kuwala kwa mphamvu ya 1.13 eV. Tsopano tengani kamwala kolemera galamu imodzi m'bokosi la masentimita 10: fomula yomweyo ikupereka E₁ ya pafupifupi 5.5 × 10⁻⁶³ J. Milingo ilipo ndithu, koma ndi yothithikana kwambiri moti palibe chipangizo chimene chingaisiyanitse, n'chifukwa chake fizikisi ya Newton imatikwanira pa zinthu zimene timagwira ndi manja.

Makoma osatha sapezeka m'chilengedwe, koma musapeputse chitsanzochi chifukwa cha zimenezo. L² ili pansi pa fomula, choncho chitsime chikachepa milingo imatalikirana, ndipo zimenezi zimaoneka ndi maso pa timakirisito ta semikondakitala ta mananomita ochepa chabe: tating'ono kwambiri timawala mopendekera ku buluu, tokulirapo mopendekera kofiira, ngakhale tapangidwa ndi zinthu zofanana. Ntchito yotulukira ndi kupanga timakirisitoti ndi imene inapezetsa Moungi Bawendi, Louis Brus ndi Aleksey Yekimov mphoto ya Nobel ya kemisitiri mu 2023.

Pokonzekera Lachinayi, werengerani E₁ ndi E₂ za elekitironi m'chitsime cha theka la nanomita, jambulani ψ ndi |ψ|² za n = 1, 2 ndi 3, kenaka yesani kujambula funde loyambira pa ziro pa x = 0 lokhala ndi mphamvu ya pakati pa E₁ ndi E₂, ndipo mulembe m'chiganizo chimodzi chimene chikulichitikira likafika pa x = L.