Kayalidwe ka chimangirizo choyerekeza Haji ndi ulendo wa ku Namugongo

Kwa ophunzira a chaka chachiwiri, phunziro la zipembedzo

Funso la teremu ino ndi ili: "Yerekezani ulendo wa Asilamu wa Haji ku Maka ndi ulendo wa Akatolika wa ku Namugongo m'dziko la Uganda." Mulembe mawu 1,500, ndipo mupereke Lachisanu la sabata yachisanu ndi chitatu, 12 koloko isanakwane. Chimangirizochi chili ndi malikisi 30 pa 100 a phunziro lonse.

Chimene chimagwetsa ambiri pa funso lotere ndi kayalidwe. Wophunzira amalemba masamba awiri a Haji, kenako masamba awiri a Namugongo, n'kutseka ndi chiganizo chakuti maulendo onsewa amafanana komanso amasiyana. Pamenepo walemba zimangirizo ziwiri n'kuzimata pamodzi, koma kuyerekeza sanayambe n'komwe. Ife tikufuna kuti ndime iliyonse ya m'thunthu iyankhe funso limodzi, ndipo zipembedzo zonse ziwiri zikumane m'ndime yomweyo. Mukaona kuti mwalemba mizere khumi osatchula mbali inayo, dziwani kuti mwasochera.

Musanalembe

Tengani pepala, mulicheke ndi mizere kuti likhale ndi madanga atatu otsika. Danga loyamba ndi la mafunso, lachiwiri la Haji, lachitatu la Namugongo. Mafunso akhale asanu ndi limodzi kapena kuposerapo: walamula ulendowu ndani, umachitika liti, wapaulendo amachita chiyani ndi thupi lake, akukumbukira nkhani iti, amaloledwa kufika ndani, amabwerako ndi chiyani. Mukadzaza, musankhepo atatu okha amene mbali zonse ziwiri zili ndi zonena zokwanira. Atatu, chifukwa mawu 1,500 sangakwane kuzamitsa mfundo zisanu ndi imodzi. Pepalali mulimangirire kumapeto kwa ntchito yanu, tikufuna kuliona.

Mawu muwagawe motere: chiyambi 150, ndime ya mbiri 200, mfundo zitatu mawu pafupifupi 330 iliyonse, mathero 160.

Chiyambi

Chiyambi chinene zinthu ziwiri: maulendo amene mukuyerekeza, ndi chimene mwapeza. Musayambe ndi "kuyambira kalekale anthu akhala akuyenda maulendo achipembedzo", chifukwa chiganizo chimenecho chingakwane pa chimangirizo chilichonse, ndiye sichithandiza chanu. Mfundo yaikulu ikhale yoti wina angaitsutse. Chitsanzo cha mfundo yolimba ndi ichi: "Maulendo awiriwa amalowetsa munthu m'nkhani ya makolo achikhulupiriro, koma pa Haji lamulo ndilo limauza thupi chochita tsiku ndi tsiku, pamene ku Namugongo wapaulendo amadzisankhira yekha muyeso wa kuvutika kwake." Musaikopere. Onani chabe kuti yatchula pofanana, yatchula posiyana, ndipo yalonjeza chimene ndime zotsatira zidzaonetse.

Ndime ya mbiri

Apa pokha ndi pamene mukuloledwa kufotokoza chipembedzo chilichonse pachokha, mawu 100 mbali iliyonse. Pa Haji, nenani kuti ndi imodzi mwa nsichi zisanu za Chisilamu, yochitika kuyambira pa 8 mpaka pa 12 kapena 13 mwezi wa Dhuli Hija pa kalendala ya Chisilamu, ndipo miyambo yake imatsata Haji imene Mtumiki Muhamadi adachita mu 632. Pa Namugongo, nenani kuti Kabaka Mwanga II, mfumu ya ku Buganda, adaphetsa Akhristu pakati pa 1885 ndi 1887, kuti Karoli Lwanga ndi anzake adatenthedwa pa 3 Juni 1886, ndi kuti Papa Paulo VI adalengeza amaritiri 22 Achikatolika kukhala oyera mu 1964. Samalani: si onse 22 adafera ku Namugongo tsiku limenelo. Yosefe Mukasa Balikuddembe adaphedwa kale mu Novembala 1885.

Thunthu

Ndime iliyonse iyende chonchi: chiganizo choyamba chinene mfundo yokhudza mbali zonse ziwiri, kenako umboni wa Haji, kenako umboni wa Namugongo womangidwa ndi mawu ngati "pamene", "mosiyana ndi izi" kapena "chimodzimodzinso", ndipo pomaliza ziganizo ziwiri zonena chifukwa chake zili choncho. Ziganizo ziwiri zomalizazo ndizo zili ndi malikisi ambiri, komanso ndizo ambiri amaiwala.

Mfundo ya lamulo ndi chifuniro iyambe, popeza zina zonse zimatsamira pa iyo. Korani 3:97 imaika Haji ngati udindo kwa aliyense amene angathe kupeza njira yokafikira, ndipo akatswiri a malamulo Achisilamu amati ndi kamodzi pa moyo, kwa munthu wamkulu, wa nzeru zabwino, wathanzi ndi wa chuma chokwanira. Mpingo wa Katolika ulibe lamulo lotumiza munthu ku Namugongo kapena ku malo ena oyera. Mkatolika amene sanapiteko sanaphonye udindo uliwonse. Musalekere pamenepo, onetsani zotsatira zake. Chifukwa Haji ndi lamulo, ili ndi zoiononga: wosafika pa Arafati, chigwa cha kufupi ndi Maka, m'nthawi yake, kuyambira masana a pa 9 Dhuli Hija, Haji yake palibe. Wofika ku Namugongo Misa ya pa 3 Juni itatha wadandaula ndithu, koma palibe bwalo limene linganene kuti ulendo wake wafafanizika.

Mfundo yachiwiri ndiyo yokoma kwambiri kulemba: thupi ndi nkhani imene likukumbukira. Wa Haji amavala ihiramu asanadutse malire otchedwa mikati, ndipo kwa mwamuna ndi nsalu ziwiri zoyera zosasoka. Amazungulira Kaaba, nyumba yopatulika ya ku Maka, kasanu ndi kawiri. Amayenda kasanu ndi kawiri pakati pa timapiri ta Safa ndi Marwa, m'mapazi a Hajara amene ankafunira mwana wake Isimaila madzi. Amagona ku Mina, kuima pa Arafati, kugona ku Muzidalifa, kuponya timiyala pa zipilala, kupereka nsembe ya chiweto pa 10, n'kumeta kapena kudula tsitsi. Kumbuyo kwa zonsezi kuli nkhani ya Ibrahimu ndi banja lake. Ku Namugongo nkhani ndi ya anyamata a ku nyumba ya mfumu amene adaweruzidwa ku Munyonyo n'kuyendetsedwa pansi ali omangidwa kupita kokaphedwa, ena n'kufera m'njira. Amwendamnjira ambiri amayenda pansi masiku kapena masabata, ena kuchokera ku Kenya ndi ku Tanzania, akuimba ndi kunena korona, akugona m'maparishi a m'njira.

Tsono funsani: ulendo woyerawo umayambira pati? Msilamu wa ku Mangochi akakwera ndege mpaka ku Jeda sanachepetse Haji yake ngakhale pang'ono, chifukwa mwambo umayamba ndi ihiramu, ndipo khama lake lili mkati mwa masiku oikidwawo. Kwa woyenda pansi wa ku Namugongo, msewu weniweniwo ndiwo nsembe, matuza a kumapazi ndi mbali ya pemphero lake. Komabe wofika pa basi amalandira Ukaristiya womwewo. Wophunzira amene angaone kusiyana kumeneku n'kukulongosola bwino wagwira mtima wa funso lonse.

Mfundo yachitatu musankhe nokha. Ambiri amatenga ya umodzi, ndipo ndi yabwino ngati mubweretsa mkangano wa akatswiri. Victor ndi Edith Turner, mu 1978, adati apaulendo amavula maudindo awo a kumudzi n'kukhala ofanana kwa kanthawi. Ihiramu ikugwirizana nazo, pakuti wolemera ndi wosauka avala nsalu imodzimodzi. John Eade ndi Michael Sallnow, mu 1991, adatsutsa zimenezi, n'kunena kuti malo oyera ndi malo olimbiranapo, pomwe magulu amakokerana tanthauzo ndi ulamuliro. Yesani maganizo awiriwa pa umboni wanu. Ku Maka mahotela ndi mahema amasiyana mitengo, dziko lililonse lili ndi chiwerengero chake cha ololedwa, ndipo amene si Msilamu salowa. Ku Namugongo aliyense angafike, koma Akatolika ndi Aangilikani, amene amakumbukira amaritiri awo 23, ali ndi malo awoawo ndi mapemphero awoawo tsiku lomwelo. Musangotchula mayina a akatswiriwa ngati chokometsera. Nenani amene umboni wanu ukumuikira kumbuyo, ndi pati.

Misampha

Woopsa kwambiri ndi kuyeza ndi miyeso iwiri. Wophunzira amatenga chiphunzitso cha chipembedzo chake monga chilili m'mabuku, n'kuchiyerekeza ndi zofooka za anthu a chipembedzo chinacho monga adaziwerengera m'nyuzipepala. Chiphunzitso chiyerekezedwe ndi chiphunzitso, zochitika ndi zochitika. Mukatchula ngozi ya kupondana ku Mina mu 2015, tchulaninso mavuto a pamsewu ndi a khamu a mbali inayo, ngati muli ndi umboni wake. Ngati mulibe, ichotseni.

Wina ndi kukopeka ndi zinthu zooneka zofanana. Asilamu amabwera ndi madzi a Zamuzamu, chitsime cha ku Maka, Akatolika amatunga madzi pa dziwe la ku Namugongo, zigubu n'zofanana ndithu. Koma Zamuzamu ali m'kati mwa nkhani ya Hajara, pamene madzi a ku Namugongo amalemekezedwa chifukwa cha malo amene amaritiri adafera. Kufanana kwa zigubu ndi poyambira funso chabe.

Samalaninso ndi mneni "kupembedza". Asilamu sapembedza Kaaba, amayang'ana kumeneko popembedza Mulungu. Akatolika amati amalemekeza oyera ndi kuwapempha kuti awapempherere, kupembedza n'kwa Mulungu yekha. Lembani monga eni ake amanenera, kenako muunike. Umura si Haji, pakuti ingachitike nthawi iliyonse ya chaka ndipo ilibe Arafati. Kukaona mzikiti wa Mtumiki ku Madina n'kofala, koma si gawo la Haji. Musalembe kuti "Akhristu amakhulupirira" pamene mukunena za Akatolika okha. Tsiku la Haji musalipatse mwezi wa pa kalendala yathu osatchula chaka, chifukwa limabwerera m'mbuyo masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, pamene 3 Juni sasuntha.

Ziwerengero nazo zimapusitsa. A Haji amawerengedwa ndi boma la Saudi Arabiya kudzera m'zilolezo, ndipo mu 2019 adali pafupifupi 2.5 miliyoni. Khamu la ku Namugongo limangoyerekezedwa. Mukaika manambala awiri pamodzi, nenani mmene iliyonse idapezekera.

Mathero ndi umboni

Mathero asabwereze ndime zonse. Abwerere ku mfundo ya m'chiyambi n'kunena pamene yalimba ndi pamene umboni waifooketsa. Mfundo yatsopano isalowe.

Mbali iliyonse ikhale ndi magwero osachepera atatu, limodzi mwa iwo lolembedwa ndi eni chipembedzocho. Tikulimbikitsa kucheza ndi Alahaji kapena Hajati wa kwanuko, komanso munthu wa ku parishi amene adapitako ku Namugongo. Afunseni mafunso ofanana, mulembe tsiku limene mudacheza nawo, ndipo dzina lawo mulitchule pokhapokha avomera. Pepala la madanga atatu ndi chiganizo cha mfundo yaikulu mubwere nazo m'kalasi Lachiwiri la sabata yachisanu kuti tizione musanayambe kulemba thunthu.