Pepani makasitomala athu, katundu wa Anakubala tinachedwa naye

Makasitomala athu okondedwa, amayi, abambo, achemwali ndi achimwene, ndine mwini wake wa shopu ino. Uthengawu ndalemba ndekha, chifukwa nkhani yake si yotuma mwana.

Tinakulonjezani kuti zitenje, nsapato ndi zikwama zomwe munaitanitsa zikupezani pofika pa 10 Okutobala, kuti pa 15 muzipereke kwa amayi anu pa tsiku la Anakubala. Lero ndi Lachisanu pa 17, ndipo ambiri mwa inu simunalandirebe kanthu. Takulakwirani. Pepani kwambiri.

Katunduyu tinamugula ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, ndipo ananyamuka pa 4 Okutobala. Pa chipata cha Songwe anadutsa bwinobwino, msonkho tinalipira wonse. Vuto linabwera pokwera phiri la Chiweta, pomwe thiraki inawonongeka giyabokosi n'kukhala m'mbali mwa msewu masiku 6 kudikira sipeya. Itakonzedwa inafika ku Mzuzu, kenako kuno ku Lilongwe dzulo usiku.

Koma sindikufuna kubisala kumbuyo kwa thirakiyo. Galimoto imawonongeka, aliyense amadziwa. Kulakwa kwathu kwenikweni n'koti tinamva za vutoli pa 7, ife n'kukhala chete. Mukafunsa tinkangoti "mawa afika", pomwe ifenso sitinkadziwa tsiku lenileni. Mauthenga ena pa WhatsApp tinkawawerenga osayankha, chifukwa cha manyazi. Tikanakuuzani zoona tsiku lomwelo, bwenzi mutapeza mpata wogula mphatso kwina. Mpata umenewo tinakulandani ndife.

Mayi wina anandiimbira Lachitatu m'mawa ali m'basi, akupita kumudzi ku Ntcheu chimanjamanja. Anali atasunga ndalama ya chitenje cha amayi awo kuyambira mwezi wa Ogasiti. Sanakalipe, anangoti: "Achemwali, mukanangondiuza." Mawu amenewo sanandichoke mumtima mpaka pano. Ndalama yomwe mumatitumizira musanaone katundu ndi ya thukuta lanu, ndipo mumaitumiza chifukwa mwatikhulupirira. Ena mwa inu munatiitanira anzanu a kuntchito ndi a kutchalitchi, ndiye manyazi athu agweranso inu. Inunso pepani.

Katundu yense wafika ali bwino. Usiku wonse tinali kumasula mabelo, kuwerenga ndi kulemba dzina la mwini wake pa phukusi lililonse, ndipo palibe chasowa kapena kunyowa. A mu Lilongwe, anyamata a njinga zamoto ayamba kuzungulira mawa Loweruka 8 koloko m'mawa, kuyambira ku Area 25, Area 49 ndi Area 18, masana Kawale, Biwi ndi Likuni. A ku Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi maboma ena, mapukusi anu tikweza Lolemba pa 20, ndipo tikutumizirani chithunzi cha risiti kuti mukatengere katunduyo ku depoti popanda vuto. Ndalama yotumizira musalipire, ili kwa ife. Amene munalipira kale tikubwezerani.

Ngati katunduyo simukumufunanso poti tsiku lake lapita, tikumvetsa, ndipo sitikufunsani mafunso. Tiuzeni ku inibokosi, ndalama yanu yonse ibwerera pa Airtel Money kapena Mpamba, pa nambala yomwe munatumizira, pasanathe maola 24. Yochotsera tiwonjezera ife, kuti mulandire yokwanira ngati mmene munaperekera. Amene mwasankha kudikira, pa oda yanu yotsatira tidzakuchotserani K5,000, ndipo taika kale chizindikiro pa dzina lanu m'buku mwathu, simudzachita kutikumbutsa.

Chonde chenjerani: sitikupempha aliyense kuti awonjezere ndalama. Wina akakuimbirani m'dzina lathu n'kunena kuti mutumize kangachepe kuti katundu atuluke, ameneyo si ife. Nambala yathu ndi yomwe ija mwakhala mukutipezapo.

Kuyambira lero, pa chithunzi chilichonse tizilemba momveka ngati katunduyo ali kale m'manja mwathu kuno kapena akadali m'njira. Wa m'njira sitidzatchulanso tsiku lofika mpaka atatsitsidwa mu Lilongwe. Kukachitika vuto, muzimva kwa ife tsiku lomwelo, ngakhale nkhaniyo ikhale yowawa.

Amene mwatilembera mokwiya m'munsimu, ndemanga zanu sitifufuta, mwanena zoona. Ndiyankha aliyense payekhapayekha, ndipo foni ikhala m'manja mwanga mpaka 9 koloko usiku uno. Ngati Lolemba lifika musanamve kwa ife, imbani, ndiyankha ndine.

Zikomo chifukwa cha kudekha kwanu. Mukatipepesereko kwa amayi athu kumudziko.