Matumba 1,240 a ku Kasungu

Foni inalira Tadala asanavule n'komwe jekete. Anali a Phiri, oyang'anira depoti ya ku Kasungu.

"Achemwali, ku Kanengoko mwatitaya? Feteleza wokulitsa anatha sabata yatha. Mvula yagwa, alimi akungobwerera pageti."

"Koma bambo, kuno zikuonetsa kuti muli ndi matumba 1,240."

"Ndiye bwerani mudzawerenge nokha. Ine ndikungoona makoswe."

Dashibodi, tsamba la pakompyuta loonetsa katundu wa m'madepoti, Tadala anaipanga yekha mu pulogalamu ya Power BI, ndipo ankainyadira. Tsiku lililonse 6 koloko m'mawa inkakoka yokha mafayilo a madepoti onse, mabwana pofika n'kupeza manambala atayalidwa kale. Ikanalephera, ikanamutumizira imelo. Imelo sinabwerepo, choncho kuyambira Seputembala anasiya kusuzumirako.

Anatsegula mbiri ya kakokedwe ka mafayiloko. `Completed` lero, kutanthauza kuti zatheka, `Completed` dzulo, mpaka pansi. Pamwamba pa tsamba panali deti la lero, 11 Novembala, mtima n'kukhalako pansi. Kenako anakumbukira chimene analemba pamenepo: `TODAY()`. Deti limenelo linkangotsatira kalendala, za msinkhu wa manambala silinkadziwa kanthu.

Manja akuzizira, anatsegula foda ya paseva. Mafayilo a Mchinji, Dowa ndi Ntchisi anali a usiku wathawu. `kasungu_stock.csv` inasinthidwa komaliza pa 14 Okutobala.

Mnyamata wa zamakompyuta sanachedwe kupeza gwero. Pasiwedi ya akaunti yotumizira fayilo kuchokera ku Kasungu inatha nthawi yake, kutumiza n'kuima mwakachetechete. Fayilo yakale inatsala mufodamo, ndipo dashibodi inkaiwerenga mokhulupirika m'mawa uliwonse. Kwa iyo palibe chinalakwika: yauzidwa kuwerenga fayilo, fayilo yaipeza.

Masabata anayi. Tadala anayamba kuwerenga pazala misonkhano ya Lolemba. Pa wachiwiri, abwana a zamalonda analoza mzere wa Kasungu umene unangoti njoo, osatsika, n'kunena kuti kumeneko anthu akugona. Pa wachitatu analamula kuti lole ya Kasungu ikatsitse katundu ku Mchinji. Iye anali pomwepo, ndipo anagwedezera mutu. Tchati chimene anamata m'kalata yochenjeza a Phiri anasindikiza ndi iyeyo.

Kukonza kunatenga mphindi khumi zokha, zomwe zinamupweteka kwambiri. Pamalo pa `TODAY()` anaika deti lomaliza la m'fayilo ya depoti iliyonse, loti lizifiira likapitirira tsiku limodzi. Fayilo yatsopano italowa, 1,240 anasanduka 0.

Anaimbanso ku Kasungu.

"Bambo Phiri, kalata ija munailandira?"

"Ndinalandira Lachisanu. Mayi akunyumba anaiwerenganso."

Tadala anasowa chonena. Anasindikiza tsamba loonetsa 14 Okutobala, n'kuyenda mpaka kumapeto kwa khonde. Chitseko cha abwana chinali chotsegula pang'ono, iwo ali pafoni, akuseka.

"Odi, bwana."

Anamukodola ndi dzanja kuti alowe, foni idakali kukhutu.