Ndemanga pa Chaputala 4: Kubwerera kwa mabanja kumadimba atasamutsidwa

14 Okutobala 2024

Okondedwa a Esinati,

Ndawerenga chaputala chanu chonse, masamba 52 mpaka 83. Timawu ting'onoting'ono ta kalembedwe ndalemba m'mbali mwa fayilo imene ndakubwezerani, ndipo pano sindibwerezanso. Kalata ino ikutsata zinthu zitatu zimene dipatimenti imayang'ana poika malikisi: mfundo yaikulu, umboni, ndi kasanjidwe. Chaputalachi sichinafike poti n'kupita kwa woyesa wakunja. Koma zimene munatola kwa T/A Mlolo n'zabwino kuposa mmene mwazilembera, ndipo ntchito yatsalayi yambiri ndi yapatebulo.

Mfundo yaikulu

Pa tsamba 52 mwalemba kuti chaputalachi "chifotokoza zifukwa zosiyanasiyana zimene anthu amakanira kusamukira kumtunda." Chiganizo chimenechi chikungonena mutu wa nkhani. Palibe angachitsutse, ndipo n'chifukwa chake sichingatchedwe mfundo. Munthu aliyense wa ku Nsanje amene anamvapo wailesi madzi akasefukira angatchule zifukwazo: manda a makolo, ufumu, minda, thandizo la kumsasa. Woyesa adzafunsa kuti, pa zonsezi, inu mwapeza kuti cholemera n'chiti, ndipo chikugwirizana bwanji ndi zinazo?

Yankho muli nalo kale. Lili pa tsamba 71, m'ndime yachiwiri, pamene mwalemba kuti mabanja ambiri amene munacheza nawo sanasiye malo akumtunda amene anapatsidwa, koma amagona kumeneko nyengo ya dzinja, kenako n'kutsikira kudimba madzi akaphwa. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Ngati zili choncho, ndiye kuti mawu oti "kukana kusamuka" ndi olakwika, ndipo mwawagwiritsa ntchito chaputala chonse. Anthuwa anasamuka. Chimene sanasamutse ndi munda, chifukwa kumtundako anapatsidwa poloti yomangapo nyumba popanda polima, pomwe chimanga, mbatata ndi nyemba za m'chilimwe zimachokera pa chinyontho chimene madzi omwewo amasiya. Banja likusunga makomo awiri mwadala, lina lopulumukirako, lina lodyerako. Iyi ndiye mfundo yanu. Ikutsutsana ndi mmene akuluakulu a boma ndi nyuzipepala amalankhulira za anthu a kuchigwa, ngati osamva, ndipo ili ndi chonena kwa okonza ndondomeko: kusamutsa nyumba osaganizira za munda kumangowonjezera mtunda umene mayi amayenda ndi khasu.

Itulutseni pa tsamba 71, muiike m'ndime yoyamba ya chaputala, m'ziganizo ziwiri kapena zitatu. Mukatero, nkhani ya manda ndi ya ufumu musazitaye, koma zisonyezeni malo ake. Mwachitsanzo, pa tsamba 66 nyakwawa ina inakuuzani kuti kumtunda ikhala pansi pa mfumu inzake. Funsani kuti, kodi zimenezi zikufotokoza kubwerera kwa nyakwawayo yokha, kapena kwa mudzi wonse? Mwina anthu amatsata mfumu chifukwa ndi imene imagawa dimba. Ngati n'choncho, ufumu ndi munda ndi nkhani imodzi, ndipo mfundo yanu ikulimba.

Chinanso, kugawa moyo pakati pa mphala ndi dambo sikunayambe ndi misasa ya masiku ano. Buku la Elias Mandala la mu 1990, lonena mbiri ya chigwa chino kuyambira 1859 mpaka 1960, likufotokoza za ulimi wa mbali ziwirizi mwatsatanetsatane. Munalitchula kamodzi mu Chaputala 2 n'kulisiya. Malo ake enieni ndi pano. Muonetse chimene chapitirira kuchokera nthawi imeneyo ndi chimene chasintha.

Pa gawo ili, panopa ndingakupatseni 21 pa 40. Mukakonza monga ndanenera, likhala gawo lokukwezani.

Umboni

Apa pali zabwino kwambiri, komanso pali vuto limene likundidetsa nkhawa.

Mawu a anthu amene mwawagwira ndi amoyo. Gogo wa pa tsamba 69, amene anati kumtunda amagona bwino koma m'mimba muli kulira, wanena m'mawu ochepa zimene inu mwatenga masamba atatu kufotokoza. Mwachitanso bwino kusatchula mayina a anthu ndi a midzi, monga munalonjezera ku komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku. Ingoonetsetsani tsamba 74, pamene mwanena kuti mayi wina ndi mkazi wa gulupu komanso amaphika zitumbuwa pasukulu. Aliyense wa kumeneko amuzindikira. Chotsani chimodzi.

Vuto lake ndi ili: mabanja onse 26 amene munacheza nawo ndi amene anabwerera kudimba. Palibe ngakhale limodzi mwa amene anakhazikikiratu kumtunda. Ndiye mukanena kuti kusowa munda ndiko kumabweza anthu, woyesa adzati, nanga amene sanabwerere, iwo munda anaupeza kuti? Mwina ali ndi wachibale amene anawabwereka malo, mwina amachita geni pa Bangula, mwina wina amagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo n'kumatumiza ndalama. Ngati zili choncho, umboni wawo ukuthandizani. Koma mwinanso alibe munda ngati anzawo ndipo sanabwererebe, ndipo pamenepo mfundo yanu iyenera kusintha. Simungadziwe musanawafunse. Ndikupempha kuti mucheze ndi mabanja asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu a gulu limeneli mvula isanayambe, poti ikayamba njira za kutsidya la kum'mawa kwa Shire mukuzidziwa nokha. Ndikudziwa kuti muli ndi makalasi oti muphunzitse ndiponso thiransipoti ndi yapathumba panu. Ngati sizitheka, tiyenera kuchepetsa zimene mukunena, ndi kulemba poyera kuti chaputalachi chikukamba za obwerera okha.

Za maperesenti: Tebulo 4.2 likuti 61.5 peresenti anatchula munda. Pa mabanja 26, amenewo ndi mabanja 16. Lembani 16 mwa 26. Peresenti yokhala ndi kadontho ikupereka chithunzi choti munachita kalembera wa boma lonse, pomwe anthuwa munawapeza potumizidwa ndi anzawo. Ndipo musalembe kuti "anthu a m'chigwa cha Shire amaganiza" chakuti. Simunapite kwa Nyachikadza, kwa Makhuwira kapena kwa Lundu. Munapita kumidzi iwiri ya kwa Mlolo, ndipo zimene mwapeza zikhale za kumeneko.

Mwasakanizanso zaka. M'chaputala chonse mukungoti "madzi atasefukira", ngati chinali chinthu chimodzi. Madzi a mu Januwale 2015, amene anachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 15, si omwe aja a mu Malichi 2019, amene anafika kuno namondwe wa Idai asanagunde mzinda wa Beira. Namondwe wa Ana anabwera mu Januwale 2022 n'kuononga damu la Kapichira, Gombe anatsatira mu Malichi chaka chomwecho, ndipo Freddy anabwera mu Malichi 2023. Banja limene lasamutsidwa kachitatu siliganiza ngati limene lasamutsidwa koyamba. Pa mawu alionse amene mwagwira, tiuzeni kuti munthuyo akukamba za chaka chiti. Ndikukhulupirira kuti zili m'kope lanu. Mukazisanja motero mutha kuona ngati njira ya makomo awiriyi inakula pambuyo pa 2019 kapena inalipo kuyambira kale, ndipo imeneyo ingakhale ndime yabwino kwambiri.

Pa tsamba 77 pali bambo amene anati Ruo anakwirira dimba lake ndi mchenga, moti salimanso, koma anabwererabe chifukwa cha nsomba. Mwamutchula n'kudutsa msanga, ndikuganiza chifukwa sakugwirizana ndi nkhani ya munda. Musamuthawe. Mupatseni ndime yakeyake. Mwina chimene anthu amabwerera si dimba lokha koma zonse zimene madzi amapereka: nsomba, nyika, bango, msipu wa ng'ombe. Woyesa amakhulupirira kwambiri wolemba amene waonetsa yekha umboni womutsutsa n'kulimbana nawo.

Zing'onozing'ono ziwiri. Pa tsamba 58 mwatchula lamulo la 1991 loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ngati kuti ndi limene likugwira ntchito. Linalowedwa m'malo ndi la 2023, ndipo muyenera kuliwerenga nokha, osadalira zimene ena alemba. Komanso, anthu ambiri anakuyankhani m'Chisena. Nenani amene anamasulira, ndipo pa mawu ofunika kwambiri ikani Chisenacho pambali pa kumasulira kwanu, kuti wodziwa chilankhulocho aweruze yekha.

Gawo ili: 20 pa 35.

Kasanjidwe

Chaputalachi chikutsata ndondomeko ya mafunso anu: funso loyamba, mayankho, funso lachiwiri, mayankho. N'chifukwa chake nkhani ya dimba ikupezeka pa tsamba 60, kenako 69, kenako 71, kenako 80, ndipo wowerenga ayenera kuilumikiza yekha. Zili ngati nkhuni zabwino zopanda luzi lomangira mtolo. Mafunso anali chida chotolera, ndipo malo ake ndi kumapeto kwa buku lonse.

Yesani kusanja chonchi. Yambani ndi mfundo yaikulu. Kenako fotokozani zimene mabanja anapatsidwa kumtunda ndi zimene sanapatsidwe. Potsatira pake, tiyendetseni chaka chimodzi cha banja la makomo awiri, mwezi ndi mwezi: amatsika liti, amabzala liti, ana asukulu amakhala kuti, ndani amatsala kumtunda kulondera nyumba. Zimenezi muli nazo zambiri, makamaka kuchokera kwa amayi, ndipo zikuyenera masamba ochuluka kuposa gawo lina lililonse. Ufumu ndi manda zibwere pambuyo pake, kenako umboni wotsutsa, kuphatikizapo bambo wa nsomba uja ndi mabanja okhazikika kumtunda. Masamba 53 mpaka 57, ofotokoza kumene Nsanje ali ndi nyengo yake, akubwereza Chaputala 1. Achotseni onse, musiye mapu okha osonyeza Makhanga, Chiromo ndi pamene Ruo amathira mu Shire.

Ndime zanu zambiri zikuyamba ndi mawu a munthu n'kutha ndi mawu a munthu wina, inu osanenapo kanthu pakati. Yambani ndi chimene inu mukunena, umboni utsatire, kenako mutiuze chimene umboniwo ukusonyeza.

Gawo ili: 12 pa 25.

Zonse pamodzi ndi 53 pa 100. Awa si malikisi olowa m'kaundula, ndangofuna muone pamene muli lero.

Musayambe ndi kulembanso chaputala chonse. Pofika Lachisanu pa 25 Okutobala, nditumizireni tsamba limodzi lokha: ndime yatsopano yoyamba, ndi mitu ya magawo asanu aja, uliwonse ndi chiganizo chimodzi chonena zimene gawolo litsimikize. Mundiuzenso ngati ulendo wokaona mabanja akumtunda utheka mu Novembala. Netiweki ikavuta, jambulani tsambalo pa foni n'kutumiza, ndidzakuimbirani Lolemba lotsatira madzulo mukaweruka.

Moni kwa onse kunyumba.

Ine wokuyang'anirani pa kafukufuku,
Dr. Alufandika