Lipoti la m'labotale: okosijeni wa m'madzi ndi DBO5 m'kamtsinje ka kumunsi kwa msika, Ulongwe

Gulu 3, chaka chachiwiri, phunziro la ubwino wa madzi. Madzi tidatunga Lachitatu pa 17 Seputembala 2025, mabotolo omaliza tidatsegula Lolemba pa 22 Seputembala 2025.

Cholinga

Tidafuna kudziwa kuchuluka kwa okosijeni wosungunuka m'madzi a kamtsinjeka, komanso kuchuluka kwa okosijeni amene tizilombo tosaoneka ndi maso timamaliza podya zinyalala zowola zomwe zili m'madzimo. Pa mapepala a m'labotale choyambacho chimalembedwa OD, chachiwiricho DBO5, motsata Chipwitikizi, ndipo ifenso tilemba choncho. Nambala 5 ikuimira masiku asanu. Kamtsinjeka tidakasankha chifukwa amayi a kumunsi amathirira madimba a kabichi ndi tomato ndi madzi ake, ndipo akhala akunena kuti chilimwe chikafika matemba amasowa kuyambira pamlatho kutsika.

Malo otunga madzi

Malo A ali kudambo, kumtunda kwa nyumba zonse. Madzi ake ndi oyera moti mchenga ukuoneka pansi. Malo B ali mamita pafupifupi 50 kumunsi kwa pomwe ngalande yochokera kumsika imathira. Pamenepa timva fungo tisanafike. Pansi pali thope lakuda, makoko a mbatata ya kachewere, madeya, ndi madzi otsukira matumbo a mbuzi. Titavundula thopelo ndi kamtengo tidapeza timphutsi tofiira tambirimbiri, tija timakhala momwe zamoyo zina zalephera. Malo C ali kilomita imodzi ndi theka kumunsi kwa B, madzi atadutsa kale pamiyala pomwe amagwa pang'ono n'kumachita thovu.

Tidayamba ku A nthawi ya 9 koloko m'mawa, n'kumaliza ku C cha m'ma 11. Kulemera kwa mpweya wa mlengalenga tsikulo kudali 87 kPa.

Njira yoyezera OD

Tidatsata njira ya Winkler, yomwe Lajos Winkler wa ku Hungary adaiyambitsa mu 1888. Pamalo aliwonse tidadzaza mabotolo awiri a 300 mL, a zivindikiro zagalasi, powamiza pang'onopang'ono molunjika kumtunda kwa mtsinje, n'kutseka akadali m'madzi. Botolo limodzi la ku B lidatsala ndi kampweya pansi pa chivindikiro, tidalitaya n'kutunganso, chifukwa kampweya kameneko kakanawonjezera okosijeni yemwe mumtsinje mulibe.

Pomwepo pagombe tidathira 1 mL ya manganizi salufeti ndi 1 mL ya mankhwala a ayodayidi osakaniza ndi soda ndi azayidi. Azayidi ntchito yake ndi kuletsa nayitirayiti kusokoneza kuwerenga, ndipo ndi poizoni, choncho adathira ndi mmodzi yekha wovala magolovesi. Titatembenuza mabotolo kangapo, zotsatira zidayamba kuonekera tisanawerenge n'komwe: botolo la A lidachita matope akhofi woderako, la B lidangochita mbuu ngati phala la mgaiwa. Okosijeni akachuluka, mtunduwo umaderanso kwambiri.

Kulabotale tidathira 1 mL ya asidi wa salufyuriki wosasungunula, matope aja n'kusungunuka, madzi n'kusanduka achikasu chifukwa cha ayodini. Tidapungula 201 mL, tidadontheza sodiyamu thayosalufeti wa 0,025 M kuchokera mu byureti mpaka chikasu chitazilala ngati udzu wouma, kenako tidathira sitachi, madzi n'kukhala abuluu, n'kupitiriza dontho limodzilimodzi mpaka buluu atatheratu.

```
2Mn(OH)2 + O2 → 2MnO(OH)2
MnO(OH)2 + 2I- + 4H+ → Mn2+ + I2 + 3H2O
I2 + 2S2O3(2-) → 2I- + S4O6(2-)
```

Molekyulu imodzi ya okosijeni imafuna thayosalufeti munayi. Motero 1 mL ya thayosalufeti wathu ikuimira 0,2 mg ya okosijeni, ndipo popeza 201 mL ija ikuimira 200 mL ya madzi enieni a mumtsinje, mamililita omwe tawerenga pa byureti ndiwo mamiligalamu pa lita.

Njira yoyezera DBO5

Madzi ena tidatunga m'zigubu n'kubwera nawo m'bokosi la ayezi. A ku A tidangowakhutchumula kuti adzaze mpweya, osawasungunula. A ku B ndi C tidawasakaniza ndi madzi osungunulira, omwe ndi madzi otcheza othiramo fosifeti, maginiziyamu salufeti, kashiyamu kolorayidi ndi feriki kolorayidi, opopedwa mpweya kuyambira dzulo lake. Tikanapanda kusungunula a ku B, okosijeni akanatha tsiku loyamba lomwe ndipo Lolemba tikanapeza ziro, yemwe sauza munthu kanthu. Tizilombo sitidawonjezere, poti madzi a mumtsinje ali nato kale.

Njira ya Winkler imawononga madzi omwe yayeza, choncho muyezo uliwonse udali ndi mabotolo awiri: lina loyeza tsiku lomwelo, lina losunga mumdima mu inkyubeta ya 20 °C. Mdimawo ndi woletsa ndere kupanga okosijeni watsopano m'botolo. Tidasankha dala Lachitatu kuti tsiku lachisanu ligwe Lolemba labotale ili yotsegula.

```
DBO5 = (D1 - D5) / P
```

D1 ndi OD ya tsiku loyamba, D5 ya tsiku lachisanu, P ndi gawo la madzi a mumtsinje m'botolo la 300 mL.

Zotsatira

| Malo | Kutentha (°C) | Byureti (mL) | OD (mg/L) | OD yokwanira (mg/L) | Peresenti |
|---|---|---|---|---|---|
| A | 18 | 7,3 ndi 7,5 | 7,4 | 8,1 | 91 |
| B | 21 | 3,0 ndi 3,2 | 3,1 | 7,7 | 40 |
| C | 20 | 5,5 ndi 5,7 | 5,6 | 7,8 | 72 |

OD yokwanira ndi mlingo womwe madzi oyera angasunge pa kutentha kumeneko. Matebulo a m'mabuku amapereka 9,09 mg/L pa 20 °C, koma imeneyo ndi ya madzi opanda mchere pamalo otsika ofanana ndi gombe la nyanja yamchere, monga ku Beira, komwe mpweya umalemera 101,3 kPa. Kuno ku Angonia tili pamwamba, mpweya ndi wopepukirako, choncho tidachulukitsa ndi 87/101,3. Tikanaiwala zimenezi, madzi abwinobwino a ku A akanaoneka ngati ali pa 78 peresenti yokha.

| Botolo | mL m'botolo | P | D1 | D5 | Kusiyana | DBO5 (mg/L) |
|---|---|---|---|---|---|---|
| Madzi osungunulira okha | 0 | 0 | 7,7 | 7,4 | 0,3 | sitiwerenga |
| A | 300 | 1,00 | 7,6 | 5,4 | 2,2 | 2,2 |
| B | 15 | 0,05 | 7,5 | 5,9 | 1,6 | takana |
| B | 30 | 0,10 | 7,3 | 4,2 | 3,1 | 31 |
| B | 60 | 0,20 | 6,8 | 0,6 | 6,2 | takana |
| C | 150 | 0,50 | 6,9 | 2,4 | 4,5 | 9,0 |

Lamulo la njirayi ndi lakuti botolo livomerezedwe ngati lataya osachepera 2 mg/L ndipo latsala ndi osachepera 1 mg/L. La 15 mL lidalephera mbali yoyamba, la 60 mL lidalephera yachiwiri. Tikanawawerengera akanapereka 32 ndi 31, zogwirizana ndi botolo lovomerezeka, zomwe zikutilimbitsa mtima, komabe m'zotsatira sitikuwaika.

Kukambirana

Ku A kulibe zambiri zonena. Madzi ndi odzaza mpweya, ndipo DBO5 ya 2,2 ndi yoyembekezeka m'dambo momwe mumawolera masamba ndi udzu, ng'ombe zikumweramo.

Ku B okosijeni watsika ndi 4,3 mg/L. Wina m'gulu mwathu adafunsa ngati kutentha sikungakhale chifukwa chake, poti tidafika kumeneko dzuwa litakwera. Kusiyana kwa madigiri atatu kumangochotsa 0,4 mg/L pa OD yokwanira. Zotsalazo, pafupifupi 3,9 mg/L, zadyedwa ndi tizilombo, ndipo DBO5 ya 31 ikusonyeza chakudya chomwe tikudya. Nsomba zambiri zimafuna 5 mg/L kapena kuposa kuti zikhale bwino. Mlamba umapirira chifukwa umatha kupuma mpweya wa pamwamba, n'chifukwa chake anyamata amauwedzabe pansi pa mlatho, koma matemba sangakhale pa 3,1. Zomwe amayi aja adaona ndi maso zikugwirizana ndi byureti yathu.

Malo omwe atidetsa nkhawa kwambiri ndi C. Munthu akangoyeza OD yokha, 5,6 mg/L, anganene kuti mtsinje wachira. Madziwo akuonekadi bwino, fungo palibe. Koma DBO5 ikadali 9,0, kuwirikiza kanayi ya ku A. Okosijeni wa pamenepa walowa pa miyala paja ndiponso wachokera ku ndere zomwe zayanga pamiyalapo, pamene zowola zochuluka zikadali m'madzi, zikuyenda nawo. Kumunsi kwa C madzi amadekha m'maiwe omwe alimi adatchinga ndi matumba a mchenga kuti azitungapo ndi makeni. M'madzi odekha mpweya umalowa pang'onopang'ono, tizilombo tili pantchito usana ndi usiku, ndipo usiku ndere nazo zimaleka kupanga okosijeni n'kuyamba kumugwiritsa ntchito. Ife tidayeza 11 koloko, nthawi yomwe ndere zili pakalikiliki. Tikuganiza kuti m'mbandakucha OD ya pamenepa imatsika pansi pa 5, koma limeneli ndi ganizo, sitidaliyeze.

Zomwe sizidayende bwino

Madzi osungunulira okha adataya 0,3 mg/L pomwe malire ndi 0,2. Tikukayikira chigubu chomwe tidasungiramo, chifukwa tidachitsuka ndi sopo osachitsukuluza mokwanira. Pa botolo la B la P = 0,10, cholakwika cha 0,3 chimakula kakhumi, ndiye kuti 31 ija ikhoza kukhala yokwera ndi pafupifupi 3 mg/L. Sizikusintha zomwe tapeza, koma nambalayo isatengedwe ngati yeniyeni mpaka pa digiti yomaliza.

Loweruka magetsi adathima maola pafupifupi asanu ndi limodzi, ndipo themometa ya mu inkyubeta idafika 24 °C. Tizilombo timadya msanga kukatentha, kotero izinso zimakweza DBO5 pang'ono. Sitidathirenso mankhwala oletsa tizilombo tomwe timasandutsa amoniya kukhala nayitireti, ndipo ku B, komwe kumalowa ndowe ndi mkodzo wa ziweto, gawo lina la okosijeni lidapita kumeneko. Mayeso otsimikizira a gulukosi ndi asidi wa gulutamiki, omwe amayenera kupereka pafupifupi 198 mg/L, sitidachite chifukwa mankhwalawo adali atatha. Ku C tidali ndi muyezo umodzi wokha, ndipo tikuvomereza kuti pamalo ofunika chonchi padayenera kukhala iwiri kapena itatu.

Zomwe tikupempha

Aphunzitsi, tikupempha mutilole kubwereza kuyeza ku C ndi m'maiwe awiri a kumunsi kwake nthawi ya 5 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana tsiku limodzi, mu Okutobala mvula isanagwe, pamene madzi amachepa ndi kutentha kwambiri. Tidzafuna mabotolo 24, chigubu chatsopano chagalasi, ndi thayosalufeti woyezedwanso mphamvu ndi potaziyamu ayodeti m'mawa womwewo. Tikupemphanso kalata yopita kwa amfumu a mudzi wa kumunsi, kuti tikawauze zotsatirazi ndi kupempha chilolezo cholowa m'madimba kusanache.