Lipoti Lounikira Mmene Gulu Lathu Linagwirira Ntchito ya Bizinesi ya Ufa wa Kondowole

Aphunzitsi athu a phunziro la zamalonda anatiika m'gulu la anthu 5 ndipo anatipatsa masabata 8 kuti tikonze ganizo la bizinesi yatsopano, kenaka tikalifotokoze kwa mphindi 10 pamaso pa oweruza atatu. Tinasankha zogula makaka a chinangwa ku Nkhata Bay, kukagayitsa ku Luwinga, ndi kugulitsa ufawo m'mapaketi m'magolosale a muno mu Mzuzu. Ine ndinali mlembi wa gulu.

Vuto loyamba linali la nthawi, chifukwa awiri mwa ife amachita lendi ku Chibavi ndi ku Zolozolo, ndipo mvula ikagwa ankafika mochedwa. Izi tinazithetsa msanga pogwirizana kuti tizikumana Lachiwiri ndi Lachisanu masana, tisanabalalike.

Vuto lalikulu, limene limandipwetekabe mtima, linali lakuti sitinkamvetserana. Atatu amene timalankhula kwambiri tinatha masabata atatu tikukangana za dzina la bizinesi ndi maonekedwe a paketi, pamene mnzathu wina wofatsa, yemwe anakulira ku Chintheche ndipo wakhala akuviika ndi kuyanika chinangwa kuyambira ali mwana, anatichenjeza kawiri kuti makaka sauma bwino m'nyengo ya mvula, ndipo akasungidwa m'chinyezi cha kuno amachita nkhungu ufa n'kuda. Mawu akewo sindinawalembe n'komwe m'kope la zokambirana, popeza ndinkawaona ngati otibweza m'mbuyo. Ataona kuti palibe akumulabadira, anangokhala chete, ndipo ife tinayesa kuti wavomereza.

Pa tsiku lofotokoza, mmodzi mwa oweruza anatifunsa kumene tidzapeze makaka ouma m'mwezi wa Febuluwale, komanso ngati tinawerengera ndalama zopezera chiphaso cha bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS, chimene masitolo akuluakulu amafuna asanalandire chakudya cha m'mapaketi. Za chiphasozo tinalibe yankho. Funso la makaka analiyankha mnzathu uja, pofotokoza kuti tingagule ambiri m'chilimwe n'kuwasunga pa thandala m'chipinda chopita mphepo, ndipo oweruzawo anati yankho limenelo ndilo linali lomveka koposa zonse zimene tinanena. Tinapeza malikisi 62 pa 100.

Ndaphunzira kuti mlembi ali ndi mphamvu imene sindinkaizindikira, pakuti mfundo imene sanailembe imafera pomwepo. Ndaonanso kuti tinalakwitsa kusiyira munthu mmodzi mawerengero onse a ndalama popanda wina wowaunikanso, chifukwa mtengo wa thiransipoti yochokera ku Nkhata Bay tinauwerengera ulendo umodzi wokha m'malo mwa kupita ndi kubwera.

Mnzathuyo ndinamupepesa tsiku lomwelo titatuluka m'chipindamo. Tagwirizana kuti tchuthi chikubwerachi tipite limodzi ku Chintheche tikafunse alimi mitengo yeniyeni ya makaka, kenaka tidzalembenso mawerengero athu.